Wophunzira mmodzi, maakaunti awiri: n'chifukwa chiyani akalowa nthawi zina amapeza mbiri yopanda kanthu?

Chikondi:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru pa vuto limene landisowetsa tulo kwa sabata yathunthu. Ndimayang'anira pulogalamu ya maphunziro a pa intaneti, ndipo deta yathu yonse timasunga mu PostgreSQL. Wophunzira wina wadandaula katatu tsopano kuti akalowa ndi imelo ndi pasiwedi yake, masiku ena amapeza zonse zili m'malo mwake, maphunziro ake asanu ndi awiri, malikisi ake ndi chithunzi chake, koma masiku ena amapeza tsamba lokhala ndi dzina lake lokha, lopanda phunziro ngakhale limodzi, ngati kuti walembetsa kumene. Iye akulumbira kuti imelo ndi pasiwedi zimene amalemba n'zimodzimodzi nthawi zonse, ndipo ine ndikumukhulupirira, chifukwa dzulo ndinamuuza kuti alowe ine ndikuona, kenako atuluke n'kulowanso, ndipo ulendo wachiwiriwo mbiri inabwera yopanda kanthu. Sitinafufute deta ina iliyonse. Kodi ndiyambire pati?

Yamikani:
Achemwali, ine ndikuona ngati akaunti imeneyo yabedwa. Munthu wina akadziwa pasiwedi amatha kulowa n'kufufuta zinthu. Muuzeni wophunzirayo asinthe pasiwedi lero lomwe, komanso afufute makuki ndi zonse zimene burawuza yake inasunga.

Chikondi:
Zikomo achimwene, koma ikanakhala kuti yabedwa n'kufufutidwa, maphunzirowo sakanabwereranso mawa lake. Za makukizo tinayesa kale, ndipo tinayesanso pa kompyuta ina imene iye sanaigwiritsepo ntchito. Vuto silinasinthe.

Bambo Mwale:
A Chikondi, musamuuze kaye kuti asinthe pasiwedi, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza tikaona zimene zili mu tebulo. Zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi za munthu amene ali ndi mizere iwiri mu tebulo la ogwiritsa ntchito, wina wokhala ndi deta yake yonse ndi wina wopanda kanthu, ndipo pulogalamu yanu imangotola umodzi mwa iwiriyo. Yesani funso ili, kenako mutiuze zimene latulutsa:

```sql
SELECT lower(trim(email)), count(*), array_agg(id)
FROM users
GROUP BY 1
HAVING count(*) > 1;
```

Mutitumizirenso mizere iwiri ya pulogalamu yanu: umene umafufuza ngati imelo ilipo kale pa nthawi yolembetsa, ndi umene umafufuza munthu pa nthawi yolowa. Ndikukayikira kuti iwiriyi siyerekeza maimelo mofanana.

Chikondi:
Bambo Mwale, mwalasa. Funsolo latulutsa magulu 14, ndipo wophunzira wangayo ali m'gulu limodzi mwa amenewo. Ndasintha dzina kuti ndisamuulule, koma maonekedwe ake ndi awa: nambala 412 ili ndi `Tadala@example.com`, ndipo nambala 1877 ili ndi `tadala@example.com`. Maphunziro onse ali pa 412. Pa nthawi yolembetsa timafunsa motere:

```sql
SELECT id FROM users WHERE email = $1;
```

Pa nthawi yolowa timafunsa motere:

```sql
SELECT * FROM users
WHERE lower(email) = lower($1) LIMIT 1;
```

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti pa `email` tinaikapo lamulo la `UNIQUE` kuyambira pachiyambi. Nanga mzere wachiwiriwo unalowa bwanji?

Bambo Mwale:
Unalowa chifukwa kwa PostgreSQL, mawu oyamba ndi T wamkulu ndi mawu oyamba ndi t wamng'ono ndi mawu awiri osiyana, choncho lamulo lanu la `UNIQUE` silinaone cholakwa chilichonse. Tiyeni titsate nkhaniyi kuyambira pamene inayambira, chifukwa ndikukhulupirira kuti inayenda chonchi.

Wophunzirayu analembetsa koyamba pa foni. Makiyibodi ambiri a pa foni amakweza okha chilembo choyamba ngati bokosi lolembamo silinauzidwe kuti ndi la imelo, ndipo munthu sazindikira n'komwe. Mu tebulo munalowa `Tadala@example.com`. Patapita nthawi, mwina atasokonezeka kapena atadina batani lolembetsa m'malo mwa lolowera, analemba imelo yake ndi zilembo zazing'ono zokhazokha. Funso lanu lolembetsera linafufuza mawu ofanana ndendende, silinawapeze, ndipo linamupangira akaunti yatsopano, nambala 1877. Monga amachitira anthu ambiri, iye anaika pasiwedi yomwe ija. Apa ndi pamene pagona nkhani: popeza pasiwedi ndi imodzi pa mizere yonse iwiri, mzere uliwonse umene pulogalamu ingatole umamulola kulowa, ndipo palibe uthenga wa cholakwa umene ukanakuchenjezani.

Tsopano funso lolowera limatsitsa zilembo mbali zonse ziwiri, kotero limapeza mizere iwiri, ndipo `LIMIT 1` imati tenga umodzi. Koma simunaike `ORDER BY`, ndiye kuti simunanene kuti utengedwe uti. Detabesi ili ndi ufulu wobweza uliwonse umene yayamba kukumana nawo. Ndikufunseni: kodi munthu akalowa mumalemba nthawi yake mu tebulo lomwelo, monga m'gawo la `last_login`?

Chikondi:
Inde, timalemba nthawi iliyonse imene walowa.

Bambo Mwale:
Ndiye chifukwa chake zimasinthasintha. PostgreSQL ikamasintha mzere siilemba pamwamba pa wakalewo, koma imalemba mzere watsopano pamalo pamene pali mpata, n'kuusiya wakalewo kuti udzachotsedwe mtsogolo. Popeza mulibe indekisi ya `lower(email)`, funso lanu limawerenga tebulo lonse motsatira mmene mizere yagonera. Wophunzira akalowa pa 412, mzere umenewo umalembedwanso, ndipo ngati pamalo pake pakale panalibe mpata ungathe kukagwera kumbuyo kwa 1877. Ulendo wotsatira 1877 ndi umene umayamba kupezeka, ndipo iye amaona mbiri yopanda kanthu. Sikuti zidzasinthana ulendo uliwonse ayi, zimatengera mpata umene ulipo, n'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati lilibe dongosolo.

Za pasiwedi zija, ndinakuletsani chifukwa chakuti funso losinthira pasiwedi liyenera kuti nalonso limatola mzere umodzi mwa njira yomweyi. Akasintha, mzere umodzi ukhala ndi pasiwedi yatsopano pamene winawo watsala ndi yakale, ndipo kuyambira pamenepo masiku ena pulogalamu izimuuza kuti pasiwedi yake ndi yolakwika. Vuto limodzi likanasanduka awiri.

Madalitso:
Bambo Mwale afotokoza bwino. Ine ndingowonjezera kuti njira yothetsera zonsezi ndi kuyeretsa imelo isanasungidwe: kuchotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, kutsitsa zilembo zonse, kuchotsa madontho onse amene ali kumanzere kwa chizindikiro cha `@`, ndi kudula chilichonse chimene chabwera pambuyo pa `+`. Gmail imachita zimenezi kale, moti `a.b@gmail.com` ndi `ab@gmail.com` ndi bokosi limodzi. Mukachita zinayi zimenezi simudzaonanso akaunti yobwereza. Ndiponso ife amene timagwiritsa ntchito MySQL vuto la zilembo zazikululi sitilidziwa.

Bambo Mwale:
A Madalitso, ziwiri zoyambazo ndikugwirizana nanu, koma za madonthozo ndikukupemphani kuti muziganizirenso, chifukwa zikhoza kubweretsa vuto loopsa kuposa limene a Chikondi ali nalo. N'zoona kuti Gmail siwerengera madontho pa maadiresi othera ndi `gmail.com`, ndipo `googlemail.com` imafikitsa makalata ku bokosi lomwelo. Koma limeneli ndi lamulo la Gmail yokha. Ngakhale mabungwe amene amagwiritsa ntchito Google Workspace pa domeni yawoyawo, madontho amawerengedwa, moti `a.banda` ndi `abanda` angathe kukhala anthu awiri okhala m'maofesi oyandikana. Malamulo a katumizidwe ka imelo, RFC 5321 ya mu 2008, amasiya tanthauzo la mbali ya kumanzere kwa `@` m'manja mwa seva yolandira makalatayo. Mbali ya kumanja yokha, domeni, ndi imene tikudziwa motsimikiza kuti zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zimodzi.

Wina angandifunse kuti nanga bwanji ndikuvomereza kutsitsa zilembo za kumanzere, popeza malamulo omwewo amalola seva kuzisiyanitsa. Yankho langa ndi lakuti chikalata chomwecho chimalangiza kuti maseva asadalire kusiyanitsa kumeneku, ndipo pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi sindinakumanepo ndi anthu awiri osiyana amene maadiresi awo amasiyana pa kukula kwa chilembo kokha, pamene osiyana pa dontho ndakumana nawo. Komabe ine ndimasunga imelo monga mmene munthu anailembera kuti ndizitumizirako makalata, ndipo yotsitsidwayo ndimaigwiritsa ntchito poyerekeza pokha.

Za MySQL mwanena zoona mbali imodzi. Mu MySQL 8.0 kayerekezedwe kamene kamabwera kale ndi `utf8mb4_0900_ai_ci`, kamene sikasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, choncho `UNIQUE` ikanaukana mzere wachiwiri uja. Koma chitetezo chimenecho chimachokera ku kayerekezedweko, ndipo tsiku limene munthu adzasamutsire tebulo ku PostgreSQL kapena kuika kayerekezedwe kothera ndi `_bin`, chidzachoka popanda chenjezo.

Mayi Nyirenda:
Ndiloleni ndiikire umboni pa za madonthozi, chifukwa zinandichitikira ine mwini, ngakhale kuti ine si wolemba mapulogalamu. Kumene ndinkagwira ntchito kale tinali ndi tsamba loonerapo masiku a tchuthi ndi mapepala a malipiro, ndipo tinkalowa podina batani la akaunti ya kuntchito, popanda pasiwedi ina. Tsiku lina nditalowa ndinapeza dzina la mnzanga wa dipatimenti ina, nambala yake ya foni ndi malipiro ake. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinatseka msangamsanga, chifukwa ndinaona zimene sindinayenera kuona, komanso ndinadziwa kuti mwina nayenso angathe kuona zanga. Titafufuza tinauzidwa kuti imelo yanga ndi yake zimasiyana pa dontho limodzi lokha, popeza chilembo choyamba cha dzina ndi dzina la bambo zinali zofanana, ndipo amene anakonza tsambalo anali atangoika kumene lamulo lochotsa madontho pofuna kuthana ndi maakaunti obwereza. Mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbukira, chifukwa malipiro a munthu ndi chinsinsi chake.

Bambo Mwale:
Pepani kwambiri mayi, ndipo zikomo potiuza. Nkhani yanu ikusonyeza mbali yachiwiri ya vutoli. Kwa a Chikondi, munthu mmodzi wagawidwa pawiri chifukwa kuyerekeza kunali kokhwima kwambiri pa nthawi yolembetsa. Kwa inu, anthu awiri anaphatikizidwa chifukwa kuyerekeza kunali kolekerera, ndipo popeza munkalowa kudzera ku akaunti ya kuntchito, panalibe pasiwedi ya pa mzerewo yoti ikane. Tsambalo linangolandira imelo yanu, n'kuichotsa dontho, n'kutola mzere woyamba wofanana nayo.

Pa malowedwe a mtundu umenewu imelo siyenera kukhala chizindikiro cha munthu n'komwe. Munthu akalowa kudzera ku Google, pulogalamu imalandira chizindikiro chotchedwa `sub`, chimene ndi cha akaunti imodzi yokha ndipo sichisintha ngakhale imelo itasintha. Chimenecho ndicho choyenera kusungidwa ndi kufufuzidwa. Ndipo munthu akangolowa, chilichonse chotsatira, kaya mbiri, maphunziro kapena malipiro, chizitengedwa ndi nambala ya `id` yosungidwa mu sesheni, osati kufufuzanso ndi imelo pa tsamba lililonse.

Madalitso:
Za madontho ndavomera, ndizichotsa pa maadiresi a `gmail.com` okha. Koma za `+` sindinagonjebe. Anthu amagwiritsa ntchito chizindikiro chimenechi kuti atsegule maakaunti ambiri ndi bokosi limodzi, n'cholinga choti azilandira mobwerezabwereza masiku aulere oyesera. Ngati sitidula, tiwaletsa bwanji?

Bambo Mwale:
Pamenepo tisiyana maganizo, achimwene. Ine ndikudziwa anthu amene amaika `+` mwadala komanso moona mtima, monga kholo limene likulembetsa ana awiri ndi bokosi limodzi, kapena munthu amene akufuna kusanja makalata ake. Mukadula, mwana wachiwiriyo adzauzidwa kuti akaunti ilipo kale, kapena choipa kwambiri, adzalowa mu mbiri ya mkulu wake. Ngati nkhawa yanu ndi ya masiku aulere, sungani imelo yodulidwayo m'gawo lina ndipo muziigwiritsa ntchito posankha woyenera kulandira zaulere, osati posankha mzere umene munthu alowemo.

Madalitso:
Ndamva, koma kwa ine zimenezo zikuwonjezera ntchito pa chinthu chimene chimachitika kamodzikamodzi. Ndiziganizirabe.

Yamikani:
Ine ndinaphonya funso poyamba paja, pepani. Koma tsopano ndazindikira kuti zofanana ndi zimenezi zinandichitikira pa pulogalamu ina yosungira zolemba. Ndinalembetsa ndi imelo ndi pasiwedi pa kompyuta, kenako pa foni ndinadina batani lolowera ndi Apple, ndipo ndinapeza mulibe cholemba ngakhale chimodzi. Ndinkaganiza kuti zonse zatayika. Kodi chimenechi ndi chimodzimodzi?

Bambo Mwale:
N'zapachibale, koma gwero lake ndi lina. Polowa ndi Apple munthu amapatsidwa mwayi wobisa imelo yake, ndipo akasankha kutero pulogalamu imalandira adiresi ina yothera ndi `privaterelay.appleid.com`. Adiresi imeneyo sifanana m'pang'ono pomwe ndi imene munalembetsera, choncho palibe kuyeretsa kumene kukanaigwira, ndipo pulogalamu inakuonani ngati munthu watsopano. Zolemba zanu ziyenera kuti zilipobe pa akaunti yoyamba. Tulukani, kenako mulowe ndi imelo ndi pasiwedi monga munachitira pa kompyuta.

Chikondi:
Ndathokoza nonse. Tsopano ndikufuna kukonza. Ndinayesa kuika indekisi iyi koma yakana, ikuti pali mizere yobwereza:

```sql
CREATE UNIQUE INDEX users_email_lower
ON users (lower(email));
```

Ndiye ndikuganiza zongofufuta mzere watsopano m'gulu lililonse mwa magulu 14 aja n'kusiya wakale. Kodi pali choopsa?

Bambo Mwale:
Indekisiyo ndi yolondola, ndipo ikana mpaka magulu onse osiyana pa kukula kwa chilembo atakonzedwa. Koma musafufute mwachimbulimbuli. Wophunzira wanu uja wakhala akugwera pa 1877 kangapo, ndipo n'zotheka kuti tsiku lina, ataona kuti mulibe kanthu, analembetsanso phunziro kapena kutumiza ntchito ali pa nambala imeneyo. M'magulu enawo mukhoza kupeza kuti akaunti yatsopano ndi imene ili ndi deta yambiri. Choncho pa gulu lililonse yambani mwawerenga mizere ya m'matebulo onse amene ali ndi `user_id` ya nambala ziwirizo, kuti mudziwe chimene chili mbali iliyonse. Chenjeraninso ndi `ON DELETE CASCADE`, chifukwa ngati ilipo, kufufuta mzere wa munthu kudzakokera kumanda zonse zolumikizidwa nawo.

Ine ndikanachita motere. Choyamba ndikanasunga kope ya detabesi yonse. Kenako ndikanakonza funso lolembetsera kuti liziyerekeza ndi `lower(trim(...))`, kuti magulu asapitirire kuchuluka pamene ndikugwira ntchito. Ndikatero ndikanatenga gulu limodzi pa nthawi, mkati mwa `BEGIN` ndi `COMMIT`, n'kusamutsa mizere ya 1877 kupita ku 412. Pamene mudzapunthwe ndi pa tebulo limene sililola munthu mmodzi kulembetsa phunziro limodzi kawiri: ngati nambala zonse ziwiri zili ndi phunziro lomwelo, kusamutsako kudzakanidwa, ndipo mudzayenera kusankha ndi maso anu kuti malikisi oti atsale ndi ati. Mzere wa 1877 sindikanaufufuta, koma ndikanaulemba kuti waphatikizidwa ku 412, n'kusintha imelo yake kukhala yosagwira ntchito kuti indekisi ilole, n'kuthetsa masesheni ake onse, apo ayi foni imene idakali yolowa pa 1877 izionetsabe mbiri yopanda kanthu. Mukamaliza magulu onse, indekisi ilowa, ndipo `LIMIT 1` ija muichotse n'kuuza pulogalamu kuti izikana ikalandira mizere yoposa umodzi, kuti tsiku lina mizere iwiri ikadzapezekanso pulogalamu idzakuwe m'malo mosankha mwakachetechete.

Onaninso ngati ena mwa magulu 14 aja akusiyana pa mpata wa kumapeto osati pa chilembo. Indekisi ya `lower(email)` yokha sigwira mpata, choncho mipata iyenera kuchotsedwa imelo isanasungidwe, ndipo imene ili kale mu tebulo ichotsedwenso.

Mayi Nyirenda:
Funso langa ndi lakuti, musanaphatikize, mudziwa bwanji kuti maakaunti awiriwo ndi a munthu mmodzi? Ine zimene ndinaona zija zimandichititsa kukayikira chilichonse chophatikiza anthu popanda kuwafunsa.

Chikondi:
Funso limenelo landigwira mtima, mayi, chifukwa ndangoona kuti sititsimikiza imelo pa nthawi yolembetsa. Munthu akhoza kulemba imelo ya wina n'kulowa nthawi yomweyo. M'magulu 14 aja, magulu 11 ali ndi dzina lofanana mbali zonse, awiri akusiyana pa mpata wa kumapeto monga ananenera Bambo Mwale ndipo mayina akufanananso, koma limodzi lili ndi mayina awiri osiyana kotheratu.

Bambo Mwale:
Limodzi limenelo musalikhudze kaye. Mwina ndi anthu a banja limodzi amene akugwiritsa ntchito bokosi limodzi, mwina wina analakwitsa polemba imelo yake n'kugwera pa ya mnzake, kapena wina analembetsa dala ndi imelo ya mwini wake. Mukaphatikiza n'kusiya pasiwedi ya munthu wolakwika, mwamupatsa makiyi a deta ya mnzake. Ngakhale pa magulu 13 enawo, ine ndikanatumiza kalata ku bokosilo yokhala ndi linki yotsimikizira, ndipo ndikaphatikiza ndikanapempha mwiniwake kuti aike pasiwedi yatsopano kudzera pa linki yomweyo, kuti amene atsale ndi akauntiyo akhale amene amawerengadi makalata a m'bokosilo.

Madalitso:
Nanga ngati mwini bokosi sayankha kalatayo? Indekisi siingalowe gulu limodzi likatsala, ndipo simungadikire mpaka kalekale.

Chikondi:
Ndi zimenenso ndikulingalira. Pakadali pano ndakonza funso lolembetsera, ndipo wophunzira uja ndamuphatikiza atatsimikiza kudzera pa linki. Pa 1877 panalidi ntchito imodzi imene anatumiza mwezi watha, ndipo tsopano ili pa 412. Walowa n'kutuluka kasanu ndipo maphunziro ake akuoneka ulendo uliwonse. Za gulu la mayina awiri lija ndatumiza kalata lero m'mawa, ndipo sindinalandire yankho. Ndikuganiza zoti ndiike indekisi yokhala ndi `WHERE` yopatula nambala imodzi mwa ziwirizo kuti ena onse atetezedwe pamene ndikudikira, koma awiriwo apitirizabe kugundana polowa. Bambo Mwale, kodi ndiwatsekere onse awiri mpaka wina atayankha, kapena ndisiye wakaleyo azilowa?